Anthu 12, tsiku limodzi

Mbumba yathu inabalalika kalekale. Amalume awiri ali ku Harare, komwe agogo aamuna anakagwira ntchito dzikolo likadali Rodeshiya. Achemwali ndi ana awo awiri ali ku Joni, msuweni wina ku Chipata, wina ku Mangalande, ndipo asanu otsalafe tili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ntchito yotisonkhanitsa kwathu ku Ntcheu anaikankhira kwa ine, ati wandakatulo sasowa nthawi. Sindinakane, poti agogo aang'ono, omwe atsala okha odziwa kuti manda awa ndi a yani, maso ayamba kuwathawa.

Mkangano woyamba unali wa tsiku. Aliyense ankati Disembala. Koma Disembala kwathu ndi mvula, kamsewu kochoka pa tala kupita kumudzi kamasanduka phala, nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo mabasi a ku Joni amakwera mtengo kwinaku akuchedwa pa mzere wa pa Beitbridge. Ndinaumirira Ogasiti: kunja n'kouma, chimanga chilipo, ndipo sukulu zimakhala zotseka ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mangalande. Ku Joni kokha n'komwe ana amakhala akuphunzira. "Achimwene, ndiye ana anga ajombe?" anafunsa achemwali. Tinagwirizana zoti ajombe sabata imodzi.

Tsiku litapezeka, ndinawerengera chobwerera m'mbuyo kuyambira kwa amene ulendo wawo ndi wovuta koposa. Basi ya ku Joni imadutsa zipata zitatu, Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo palibe angalumbire ola lomwe idzafike. Choncho achemwali ndinawauza adzafike Lachinayi, mwambo uli Loweruka. Ndinawakumbutsanso kuti ana awo, pokhala nzika za kumeneko, sangatuluke popanda chikalata chobadwira ndi kalata ya chilolezo ya bambo awo otsalawo. Onse akunja ndinawapempha aone ngati mapasipoti awo adzakhale atatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi.

Kenaka ndalama. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sasunga msonkhamsonkha m'thumba. Iliyonse ikangofika ndinkaisandutsa katundu: matumba atatu a chimanga mu Juni mtengo uli pansi, mbuzi ziwiri, nyemba, nkhuni. "Matumba atatu, anthu 12?" anadabwa wa ku Mangalande. Anaiwala kuti kwathu utsi ukafuka mudzi wonse ndi abale.

Za mayendedwe sindinasonkhetse. Aliyense adzilipirira yekha, kupatula amalume aakulu omwe penshoni yawo siingakwane tikiti. Yawoyo tagawana anthu anayi mwakachetechete, ndipo iwo akudziwa kuti yachokera "kubanja". Akadziwa mayina, ndikuwadziwa ine, sangabwere.