Usiku umene −3 anatigwira

Mng'ono wanga, yemwe akukonzekera mayeso a MSCE, anandionetsa samu iyi: (x + 1)/(x − 2) ≥ 0. Yankho lake linali x ≥ 2.

"Zatheka, achimwene," anatero, maso ali kutulo.

Ndinamuuza kuti aike 2 pamalo pa x. Pansi panatuluka ziro, ndipo nambala sitiigawa ndi ziro, choncho 2 mwiniwakeyo sayenera kulowa m'yankho. Kenako tinayesa −3. Tinapeza −2 kugawa ndi −5, yomwe ndi 0.4, yoposa ziro bwinobwino. Komatu m'yankho lake munalibe! Mbali yonse yakumanzere anali ataisiya. Titayesa 0 inakana, pomwe −1 inatulutsa ziro ndendende, inalowa.

Anafufuta n'kulemba x ≤ −1 kapena x > 2. Zoti inenso samu zoterezi zinandidyera malikisi pamayeso, sindinamuuze.