Pemphero la usiku wa Lachiwiri ku Chileka

Foni inalira ndili m'kalasi ya Fomu 3, choko chili m'manja. Nditatuluka ndinapeza kuti anali achemwali anga a ku Chileka. Mawu awo anali ochepa: "Achimwene, mwana wanu amuitana ku intavyu Lachitatu ku Limbe. Chilandirireni uthengawo sakudya. Bwerani mudzapemphere naye."

Mwanayu ndi woyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite. Analowa sukulu ija ikutchedwa Polytechnic, n'kutuluka ili MUBAS, poti dzina linasintha mu 2021 iye ali pakati pa maphunziro. Digiri yake ndi ya zowerengera ndalama. Kwa zaka ziwiri pepalalo linali m'sutikesi, mwini wake akuthandiza mayi ake kugulitsa tomato pa msika wa Lunzu. Makalata ofunsira ntchito analemba ambirimbiri, koma kuitanidwa kunali koyamba kumeneku.

Lachiwiri titaweruka ndinakwera minibasi pa Lirangwe. Ndinafika kwa achemwali dzuwa litapendeka, ndipo ndinamupeza mwanayo atakhala pakhonde, nsima ya masana ili chivundikirire. Titalonjerana sanazungulire.

"Amalume, akuti aitana anthu khumi ndi awiri koma malo ndi amodzi. Mupemphere kuti enawo asokonezeke, anditenge ine."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Apa m'pamene ndinaona kuti mantha amufika pamtima, chifukwa mwana ameneyu si wankhanza. Ndinamufunsa kuti, "Nanga enawo alibe amalume awo? Ukuganiza kuti usiku uno ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri sakugwada?" Anangoyang'ana pansi.

Funso limeneli landivutitsa kwa zaka. Tonse tikukumbukira za mu 2020, pamene achinyamata miyandamiyanda anakhamukira ku maintavyu a ntchito za umoyo, mpaka ena kuvulala pa kupondana ku Mzuzu. Sindikayika kuti ambiri mwa iwo anadzuka ndi pemphero m'mawa umenewo. Ngati pemphero lili ngati chiphuphu chopereka kumwamba kuti dzina lako likwere pamndandanda, ndiye kuti ochuluka anabwezedwa chimanjamanja. Ine sindikhulupirira kuti limagwira ntchito choncho, ndipo ndinaphunzira zimenezi movutika.

Nditamaliza dipuloma yanga ku Domasi, ndinaitanidwa ku intavyu pa sukulu ina yomwe si yaboma. Usiku wake ndinachezera kupemphera mpaka tambala woyamba. M'mawa ndinadzuka mochedwa, mutu uli waa. Ndinafika atayamba kale, ndipo atandipempha satifiketi ya MSCE yeniyeni ndinatulutsa fotokope yokha, poti inayo ndinaiiwala pansi pa matiresi. Atandifunsa mmene ndingaphunzitsire kalasi ya ana 90, ndinayankha zosagwirizana. Kwa nthawi yaitali ndinkati Mulungu sanandimve. Lero ndimati ndinamupempha kuti andigwirire ntchito imene anandipatsa kale manja ndi mutu woigwirira.

Ndinamufotokozera mwanayo nkhaniyi, kenaka ndinamukumbutsa za Nehemiya, amene anali woperekera chikho kwa mfumu ya ku Perisiya. Tsiku lina mfumu inamuona nkhope ili yakugwa, n'kumufunsa chimene akufuna. Nehemiya anachita mantha kwambiri. Anapemphera pomwepo, mfumu ikudikira yankho, kotero pempherolo silikanatalika. Koma atatsegula pakamwa, zonse zinali m'malo mwake: anatchula nthawi imene adzakhale ku Yerusalemu, anapempha makalata omudutsitsa m'njira, ndiponso kalata yopita kwa woyang'anira nkhalango kuti amupatse mitengo. Zoterezi munthu sazipeka ataimirira. Anali atazilingalira kale masiku ambiri m'mbuyomo, pamene ankasala kudya ndi kupemphera.

"Ndiye tiyamba ndi makalata ndi mitengo," ndinatero. "Kugwada kubwera pambuyo."

Tinayala mphasa, achemwali n'kubweretsa nyale ya sola. Choyamba chinali envulopu. Tinaikamo digiri yeniyeni, pepala la magiredi a zaka zonse zinayi, satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, ndi CV. Chilichonse chinali ndi fotokope yake, kupatula pepala la magiredi. Tikanagwada osatsegula envulopuyo, akanakazindikira zimenezi ali kale pamaso pa mabwana. Tinatuma mchimwene wake pa njinga kukachititsa fotokope pa sitolo isanatsekedwe.

Chachiwiri chinali njira. Intavyu inali ya 9 koloko, ndipo iye ankati anyamuka 7 koloko. Ndinamuuza kuti minibasi siyendera wotchi ya munthu, imayendera kudzaza. Kuchoka ku Chileka kukafika pa Kameza, kulowa m'tauni nthawi imene aliyense akuthamangira kuntchito, kenaka kukwera ina yodutsa mu Chipembere Highway mpaka ku Limbe, maola awiri amatha ngati madzi. Tinagwirizana kuti 5:30 akhale ali pa siteji. Ndalama ya ulendo tinaigawa pawiri, ina m'chikwama, ina m'thumba la siketi.

Chachitatu ndicho chinatitengera nthawi. Ndinakhala pampando ngati bwana, iye n'kulowa pakhomo ngati mlendo. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, za maofesi sindizidziwa kwenikweni, choncho ndinatenga kope lake la ku sukulu n'kusankha funso limene aliyense wofuna ntchito ya maakaunti ayenera kuliyembekezera. Ndinati: buku la kampani likuonetsa kuti ku banki kuli K850,000, koma sitetimenti ya banki ikuti kuli K1,000,000. Wabayo ndani?

Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Manja ankanjenjemera. Mwana amene anakhoza phunziro lomweli bwinobwino anangoti, "Amalume, zandithawa."

Sizinathawe. Mantha akamugwira munthu, mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwambamwamba, kukamwa kumauma, ndipo mutu umatanganidwa ndi funso lina: kodi akundiona bwanji? Ndimaziona chaka ndi chaka pa mayeso a MANEB. Mwana amayang'ana funso loyamba kwa mphindi khumi, koma ukamufunsa panja atatuluka amaliyankha mosavuta. Chizindikiro chake n'chakuti munthu amayamba kuyankha funso lisanathe, kapena amabwereza mawu amodzimodzi.

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, akoke mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, autulutse mosafulumira, ndipo pamene akutero anene mumtima mawu atatu okha: Ambuye, ndikhazikeni mtima. Akatha apo abwereze funsolo mokweza m'mawu akeake. Limenelo ndilo pemphero la Nehemiya, lokwana pakati pa funso ndi yankho.

Anayesa. Kachiwiri konse mawu anabwera. Anati mwina palibe wakuba. Kampani ikhoza kukhala kuti inalemba cheke cha K160,000 n'kuchichotsa m'buku mwake, koma mwini chekecho sanapite nacho ku banki. Komanso banki ikhoza kukhala itadula K10,000 ya ntchito zake, imene kampani sinailembe. Ukachotsa K160,000 ku ndalama ya pa sitetimenti, patsala K840,000. Ukachotsa K10,000 ku ndalama ya m'buku, patsalanso K840,000. Mbali ziwirizo zikakumana chonchi, nkhani yatha. Zikakana kukumana, m'pamene umayamba kufufuza.

Achemwali, amene sanamve n'chimodzi chomwe, anaomba m'manja.

Tinabwereza kanayi ndi mafunso ena. Lomwe linamuvuta kwambiri linali lakuti wakhala akuchita chiyani chimalizireni sukulu. Ankafuna kunena kuti ankathandiza pa kampani ina ya mnzake. Ndinamuletsa. Bodza la pa intavyu limafuna mabodza ena atatu olichirikiza, ndipo munthu wamantha sangawasenze. Zoona zake zinali zokwanira: ankalemba m'kope tomato wogulidwa, wogulitsidwa ndi woonongeka, ndipo ndi iye anawaonetsa mayi ake kuti ngongole za makasitomala zikudya phindu. Imeneyo ndi ntchito ya maakaunti, ngakhale ichitikire pa benchi.

Itakwana 8 koloko tinagwada atatu. Sindine mbusa, ndipo mawu anga anali awa:

"Atate, mwana uyu mukumudziwa kuposa ife. Mukudziwa mbuzi zimene zinagulitsidwa kuti aphunzire, ndi ngongole ya sukulu imene ikumudikira. Ntchitoyi tikuifuna, sitibisa. Koma anthu khumi ndi awiri onsewo ndi anu, ndipo sitikupemphani kuti mugwetse wina. Mupatseni tulo usiku uno. Muyendetseni bwino pamsewu. Akakhala pampando uja, zimene anaphunzira zibwere pamene zikufunika, ndipo chimene sakuchidziwa anene kuti sakuchidziwa. Amene akamufunse mafunso akhale achilungamo. Akamutenga, asadzaiwale kumene wachokera. Akapanda kumutenga, musalole kuti adziyese wachabechabe. Amen."

Sizinapitirire mphindi ziwiri. Achemwali anandiyang'ana ngati ndawabera, poti anazolowera mapemphero otuluka nawo thukuta. Koma mwanayo anapempha nsima ija, anadya, n'kukagona.

Lachitatu madzulo anandiimbira. Anafika 8 koloko isanakwane, ndipo anali wachisanu kulowa. Ofunsa anali atatu. Funso la banki linabweradi, ngakhale ndi manambala ena. Kenaka anamufunsa za pulogalamu ina ya pa kompyuta yosungira maakaunti imene sanaigwiritsepo ntchito.

"Mtima unayamba kuthamanga, amalume. Ndinapuma muja munanenera. Ndinawauza kuti sindinaigwirepo, koma ndikhoza kuiphunzira msanga. Mayi wina anagwedeza mutu n'kulemba."

"Analemba chiyani?"

"Kaya. Anangoti atiimbira."

Anandiuzanso kuti pa benchi yodikirira anakhala ndi mtsikana wina wa ku Bangwe amene milomo yake inkagwedera, akupemphera chamumtima. Cholembera cha mtsikanayo chinakana kulemba pa fomu, ndipo mwana wa achemwali anamubwereka chake. "Dzulo lija ndinkafuna kuti ameneyu asokonezeke," anatero, n'kuseka koyamba m'sabata yonseyo.

Pamene ndikulemba pano patha masabata atatu. Foni sinalire. Achemwali amaitchaja kawiri pa tsiku ndipo salola kuti mwana aliyense aiseweretse. Mwina aimba, mwina malowo anapatsa wa ku Bangwe uja, mwinanso anali ndi mwini wake kale intavyu isanachitike, monga zimamvekera nthawi zina. Pemphero lathu silinatilonjeze chilichonse pa zimenezo.

Loweruka lapitali ndinamupeza pa Lunzu, kope la tomato lili pamwendo. M'chikwama mwake munali envulopu ija, mafotokope onse ali momwemo, pamodzi ndi makalata awiri atsopano oti akapereke Lolemba. Anandifunsa ngati ndingadzabwerenso akamuitana kwina. Ndinati ndidzabwera, koma nsima adzayambe wadya.