Msuweni Wanga Akukwatira Loweruka

Loweruka likubwerali msuweni wanga akumanga banja kuno ku Nkhotakota, ndipo mkazi wakamupeza kumtunda, ku Ntchisi. Ndikudziwa kuti uthengawu uyenda m'mafoni mpaka ufike kwa amalume, ngakhalenso kuchipongozi, ndiye ndalemba ndikudziwa kuti akuluakulu ali pompano.

Poyamba ndifotokoze chifukwa chake ine ndili ndi chilolezo chomugemula. Enanu mwana aliyense wa m'bale wa makolo mumangoti kazeni. Kwathu sizili choncho. Mwana wa mayi aang'ono kapena wa bambo aakulu ndi m'bale wako weniweni, ngati ndi wamkulu umamupatsa ulemu wa achimwene. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali, ndipo ameneyu mwambo umalola kuti muzinyogodolana popanda wopita nazo kubwalo. Mkwatiyu ndi mwana wa amalume anga, mayi anga ndi azakhali ake. Ndiye msuweni, khala bwino, ndikuyambe.

Mwachita bwino, bwana. Ife tinkaona ngati udzakwatira chilimira, chifukwa ndi chokhacho unkachisoka mwachikondi ndi kuchiyanika bwino padzuwa. Mwezi uja unayamba kusamba ndi sopo wonunkhira m'malo mwa wochapira, tonse pagombe tinadziwa kuti kwinakwake kwagwa nkhani.

Alamu, munthu mukutengayu nyanja amaidziwa, koma injini ayi. Tsiku lina madzulo, anzake atakweza kale ukonde ndi nyali, iye anakoka chingwe cha injini mpaka phewa kuwawa, injini osalira. Anatuma mwana kudzanditenga kuti kabureta yafa. Nditafika ndinapopa mafuta, anali bwinobwino. Ndinayang'ana pulagi, inali yoyera. Kenako ndinaona kuti kapulasitiki kaja kokhala ndi chingwe chofiira, kamene timalowetsa pa batani lozimitsira, palibe. Kakachoka kameneko pulagi sithetheka moto, ukoke mpaka m'mawa injini siidzuka. Kanali kuti? Pa dzanja pake, atakavala ngati wotchi. Nditakabwezera, kukoka kamodzi kokha injini inalira. Anandilonjeza ndowa ya usipa, mpaka lero ndikuidikirabe. Msuweni, ndowa imeneyo ndakukhululukira, koma usaope, envulopu ibwera payokha.

Anyamata, mwaona nthabwala imeneyi? Ikugwera mkwati yekha. Amalume angaseke, alamu angaseke, mwiniwake angasekenso, ndipo Lolemba palibe amene adzuke ndi chilonda mumtima. Muyeso wake ndi umenewo. Musanatenge maiki kapena kulemba pagulupu, dzifunseni kuti kusekaku kukugwera ndani, ndipo mkwatibwi akamva aseka nawo kapena ayang'ana pansi.

Ndikunena izi chifukwa ndimatidziwa. M'boti usiku timalankhula zimene kumtunda sizinenedwa, ndipo pa perekaniperekani nyimbo zikakoma pakamwa pamaterera. Pali zinthu zitatu zimene ndikupempha kuti zitsale panyanja.

Choyamba, mbiri yakale ya mkwati ndi atsikana, yoona kapena yopeka. Inu museka mphindi imodzi n'kupita kwanu, koma mkazi ayenda nayo miyezi. Mwamuna wake azichoka dzuwa likulowa n'kubwera m'mawa, nthawi zina kukagona madoko ena kutsatira nsomba. Mawu amene inu mwaponya mosewera, iye adzawakumbukira usiku umene foni ya mwamuna wake siikupezeka. Asodzife tili kale ndi mbiri yoipa kumtunda, tisaithirire mchere.

Chachiwiri, za ana. Zoti tikuwerenga miyezi, zoti tione ngati ukonde ukoka, ayi. Palibe amadziwa za mawa, ndipo mphatso ikachedwa nthabwala yomweyo imasanduka chitonzo chimene mkazi amachisenza yekha. Nkhani zimenezo zili ndi eni ake, anamkungwi ndi ankhoswe.

Chachitatu, kwawo kwa mkazi. Alendo athuwa ndi alimi, mwina ena mwa iwo sanakwerepo bwato. Musawaseke akamaopa mafunde kapena akamalimbana ndi minga ya utaka. Ngati mukufuna kuseka za chakudya, sekani zathu. Nenani kuti kondowole wathu amakana kuchoka m'manja ngati wangongole, ndipo alamu adzafunika mthiko wolimba. Apo tikudziseka tokha, alendo amasuka.

Chisuweni ndi cha ine ndi iye basi. Sichifika kwa apongozi ake, sichifika kwa ankhoswe. Ngakhale alamu, ngakhale chilamu chimalola macheza, tidikire kaye azolowere, ayambe okha kutiseka, ife tidzayankha pambuyo. Ndipo pa Loweruka, pamaso pa anthu, ine ndemwe sindinena kuti iwe. Ndizidzati a msuweni, inu. Munthu akakhala pampando ndi mkazi wake, apongozi akuyang'ana, amafunika kuoneka kuti kwawo amalemekezedwa. Tikamupeputsa ife, iwo amulemekeza bwanji?

Tsopano kwa akuluakulu, ndavula chipewa. Amalume, inu ndi amayi, zikomo. Mwana mwamulera ndi nkhafi m'manja, lero wafika poti akhale ndi khomo lakelake. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, inu munayenda maulendo okwera ndi kutsika, munapatsana tambala ndi msoti, munadyera limodzi nkhuku pamaso pathu. Ife achinyamata timathamangira kuvina ndi kujambula, koma tikudziwa kuti zikadzavuta pakati pa usiku, khomo logogoda ndi lanu, osati gulupu ya WhatsApp. Kwa makolo a mkwatibwi, tikuthokoza potikhulupirira. Mwana wanu sanabwere kwa alendo.

Msuweni, mawu amodzi okha opanda nthabwala, kuchokera kwa munthu amene amaona matumba a asodzi injini ikafa. Ndalama ya panyanja imabwera ngati mvula ya mkuntho, n'kusowa. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali. Mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi boti limatha masiku lili pamchenga. Iwe unakulira momwemo, koma alamu anazolowera nkhokwe yooneka ndi maso, yoti munthu amadziwa kuti chimanga chifika mwezi wakuti. Ndiye uziwauza zoona za gawo lako, mafuta atachotsedwa, tsiku labwino ndi loipa lomwe. Usiku umene mwapha zambiri, ina izilowa m'nyumba usanakumane nafe. Tikadandaula kuti wasintha, usatimvere. Ndipo mphepo ikakukakamizani kukocheza doko lina, imba foni kunyumba usanafune ndi tiyi yemwe. Amayi athu tinawaona akuima pagombe m'bandakucha kuwerenga maboti. Alamu asaphunzire zimenezo msanga.

Alamu, takulandirani ndi manja awiri. Akakuvutani, ankhoswe alipo. Ikavuta injini, ndilipo ine, ndipo kwa inu mtengo ndi wachibale. Kwa iye ayi.

Anyamata, Loweruka tisambe, tivale malaya a mabatani, tisinthiretu ndalama zoponya, tifike nthawi yabwino. Mowa udikire akuluakulu achoke. Mulungu adalitse banja latsopanoli, mukalambe limodzi, m'nyumba musasowe ndiwo ndi mtendere.

Ndine msuweni wako, wa masipanala uja.