Mutu wa kolamu sulankhula, umafunika kuufunsa

Ntchito yanga ndi yowerengera manambala pa kompyuta, ndipo ndili ndi mwambo umodzi umene anzanga mu ofesi amandiseka nawo. Munthu akandipatsa sipuredishiti ya mitu yachidule, sindiyamba kuwonkhetsa kanthu. Ndimatenga kaye pepala ndi bolopeni n'kulemba chimene ndikuganiza kuti mutu uliwonse ukutanthauza. Amati ndikuchedwetsa ntchito. Ine ndimangoti, akulu, safunsa anadya phula.

Taonani fayilo ya ana ya kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa DHS, amene kuno kwathu anachitika mwa zina mu 2015 mpaka 2016. Muli makolamu ankhaninkhani, koma tingotengapo anayi: hw1, hw2, hw3 ndi hw70. Tiyerekeze kuti pa mzere wa kamnyamata kena palembedwa 24, 105, 800 ndi -230. Basi. Palibe kilogalamu, palibe sentimita.

Maso akathamanga amanena kuti 24 ndi zaka za mayi ndipo 105 ndi msinkhu wa mwana. Zikumveka ndithu, eti? Vuto lake n'lakuti ganizo losalembedwa limabisala m'mutu ngati kuti ndi choonadi, ndipo palibe angalitsutse chifukwa palibe waliona. Ukalilemba, limakhala ngati woimbidwa mlandu pa bwalo la mfumu, aliyense atha kulifunsa mafunso.

Ine pa kolamu iliyonse ndimalemba zinthu zitatu: ganizo langa, muyezo wake, ndi chimene chingandionetse kuti ganizolo lagwa. Pa hw1 ndingalembe kuti mwina ndi miyezi ya mwana, ndipo ngati n'zoona, manambala ayambire pa 0 osapitirira 59, pakuti amayezedwa ndi ana osakwana zaka zisanu. Zikadakhala zaka za mayi, zikadayambira pa 15 kulekeza pa 49. Mafunso awiri okha amathetsa mkanganowo:

```
=MIN(A2:A5000)
=MAX(A2:A5000)
```

Yankho likabwera 0 ndi 59, mayi uja watuluka m'nkhani. Ndiye poti mwanayo ali ndi miyezi 24, manambala enawo amayamba kulankhula. Mwana wa zaka ziwiri sangalemere makilogalamu 105 kapena kutalika masentimita 800. Koma ukaika kadontho, hw2 imakhala makilogalamu 10.5 ndipo hw3 masentimita 80.0, mwana weniweni amene tingamuone kusikelo. Mafayilo amenewa amasungadi kulemera ndi kutalika opanda kadonthoko.

Pamene pali ngozi yeniyeni ndi pa hw70. Imeneyi imaonetsa mmene msinkhu wa mwana watalikirana ndi msinkhu woyembekezeka pa miyezi yake, potsata miyezo ya WHO ya 2006, ndipo nambalayo inachulukitsidwa ndi 100. Choncho -230 ndi -2.30, ndipo mwana wotsika kuposa -200 amawerengedwa kuti ndi wopinimbira. Pa pepala ndimalemba kuti manambala asatuluke pakati pa -600 ndi 600. Koma MAX imadzabweretsa 9998. Ameneyutu si mwana wamtali ngati mlongoti ayi. Ndi chizindikiro chakuti muyezowo ndi wokayikitsa, usawerengedwe.

Taganizani ana khumi. Asanu ndi anayi ali pa -150 aliyense, wakhumi ali ndi 9998. Ukawonkhetsa onse umapeza 8648, avereji yake 864.8, ngati kuti mudzi wonse ndi wa zimphona. Ukachotsa wakhumiyo avereji ndi -150, ana ofunika kuwayang'anira. Kompyuta siidandaula, imangomvera. Amene analemberatu malire ndiye amadzidzimuka msanga, chifukwa ali ndi poyerekezera. Ndipotu lipoti la kafukufuku uja linati ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Manambala otere ndi amene amatengedwa pokambirana kuti thandizo la chakudya lipite boma liti.

Komabe ndisanamize anthu, pepala langa lili ndi polekezera. Pafupi ndi hw70 pali hw71 ndi hw72, ndipo zonse zitatu zimaoneka ngati mapasa: manambala otsika ndi okwera pang'ono, kenaka ma 9998 aja. MIN ndi MAX sizingakuuze kuti hw71 ikunena za kulemera poyerekeza ndi miyezi, pamene hw72 ikunena za kulemera poyerekeza ndi msinkhu. Ganizo likapulumuka mayeso sindiye kuti latsimikizika. Apa mpofunika buku lomasulira mitu, DHS Recode Manual, kapena kufunsa amene anakonza fayiloyo.

N'chifukwa chake pa pepala paja pamakhala danga lachinayi, lolembamo mawu amodzi mwa awa: "ndatsimikiza", "ndikuganiza", "sindikhudza". Kolamu ya "ndikuganiza" ikalowa m'lipoti, ganizolo limalowa nayo limodzi, poyera pa tsamba loyamba, kuti bwana kapena mnzanga wodziwa bwino alikane lisanafike kwa a nduna. Ya "sindikhudza" imadikira yankho, ngakhale tsiku lopereka lipoti likhale mawa.