Kalata Yochokera ku Kanyama, kwa Amake Mapasa ku Leeds

Mawu a lero ndalembera mlongo wathu mmodzi, ndipo wandilola kuti nanunso muwerenge.

Amake mapasa, uthenga wanu unandipeza 04 koloko m'mawa, ndili pa Soweto kudikira lole ya tomato. Kwanuko inali 02 koloko usiku, muli pa ntchito yosamalira okalamba. Munati, "Kuno ndilibe wondifunsa ngati ndadya." Ndinaumvera kawiri, ndipo ndinachita manyazi. Nditayang'ana mauthenga amene ndakutumizirani chaka chino, asanu mwa asanu ndi awiri anali a ndalama: chopereka cha maliro, chilimba, denga la tchalitchi. Ife a kuno tinakusandutsani banki, mlongo wanga. Mundikhululukire.

Tiyeni titsegule Yeremiya 29. Chaputala chimenechi ndi kalata yochokera kumudzi, ku Yerusalemu, kupita kwa anthu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Panali mneneri wina, Hananiya, amene ankawalonjeza kuti pomatha zaka ziwiri adzakhala atabwerera. Yeremiya sanawanamize: anawauza kuti zaka zake ndi 70. Choncho anawalangiza kuti amange nyumba, alime minda, ndipo azipempherera mzinda umene akhalamo. Chitonthozo chake chinali choti Mulungu ali komweko, ndipo moyo usaime poyembekeza tsiku lobwerera.

Inenso sindikunamizani. Munalowa ntchito pambuyo pa Malichi 2024, pamene boma la Britain linaletsa osamalira okalamba ochokera kunja kubwera ndi mabanja awo. Ana adzakhalabe kwa agogo awo kwa kanthawi. Kuwalira si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi umayi. Koma manje tichite zinthu zitatu.

Choyamba ndi chathu ife. Sande iliyonse 18 koloko ya kuno, ndidzapita kwa agogo ndi foni yanga kuti muone ana pa WhatsApp. Kwanuko idzakhala 16 koloko, popeza nthawi yozizira muli kumbuyo kwathu ndi maola awiri. Akasintha mawotchi kumapeto kwa Malichi, idzakhala 17 koloko. Magetsi akapita, ndidzatchajiratu foni kumsika. Lamulo ndi limodzi: pa foni imeneyo palibe kutchula ndalama. Wofuna ndalama aimbe Lolemba.

Chachiwiri ndi chanu. Munati kutchalitchi kwanuko kulibe ng'oma, anthu ndi ochepa, ndipo mumatuluka dalitso likangotha. Musatuluke. Akapemphera amamwa tiyi kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo ndi pamenepo pamene amachezera. Iwo safika panyumba pa munthu osaitanidwa monga tichitira ku Kanyama. Khalani mphindi khumi, uzani wansembe dzina lanu, ndipo mufunse ngati pali Mothers' Union. Paja bungwe limene munkavalira yunifolomu kuno linayambira konko, ndi Mary Sumner mu 1876. Simuli mlendo, ndinu membala wochokera ku nthambi ina. Sande yoyamba mwina adzangokumwetulirani. Pamsika timadziwa kuti kasitomala sakhala wako tsiku loyamba. Amazolowera akamakupeza pa tebulo lomwelo tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndi thupi. Mu Disembala ku Leeds dzuwa limalowa 16 koloko isanakwane. Inu mumagwira usiku ndi kugona masana, ndiye kuti sabata yonse ikhoza kutha osaliona. A zaumoyo kwanuko amalangiza kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 pa tsiku, m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Mukadzuka masana, tulukani muyende pang'ono kusanade. Ndipo dziwani kusiyanitsa: kupukwa kumudzi kumabwera ndi kupita, mumalira lero, mawa mwaseka. Koma mukatha masabata awiri osafuna kudya, tulo osabwera, ngakhale mawu a ana osakusangalatsani, kaonaneni ndi dokotala. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Eliya atagona pansi pa mtengo kufuna imfa, mngelo anayamba wamudyetsa, zokamba zinabwera pambuyo.

Za kuno musaziganize ngati paradaiso. Mvula yayamba, madzi adzaza m'njira za Kanyama monga chaka chilichonse, ndipo tikuyenda ndi magambutsu. Koma mango apsa, ifinkubala zafika pamsika, ndipo mapasa anu aimba mu Sande sukulu. Wamkulu anaiwala vesi, wamng'ono namunong'oneza mpingo wonse ukumva. Pa benchi yanu pakukhala amayi ena, koma amanenabe okha kuti "ndangobwereka pa amake mapasa." Ndakusungirani kapenta ya Siavonga, ikudikira wopita.

Inu a ku Matero, Chawama, George ndi Mtendere amene muli ndi wanu ku Joni, ku Dubai kapena ku Britain, tsegulani foni muwerenge mauthenga khumi omaliza amene munamutumizira. Angati anali a ndalama? Usiku uno mufunseni ngati wadya, basi.

Tipemphere. Ambuye, amene munali ndi anthu anu ku Babulo, khalani ndi mlongo wathu pa ntchito ya usiku uno, mumupatse mnzake mmodzi mumzinda umenewo, ndipo ife mutiphunzitse kumufuna iyeyo koposa zimene amatumiza. Amen.

Amake mapasa, mwadya?