Mmene ndinalembera mtsikana woyamba mu saluni yanga

Saluni za ku Ndirande zinachuluka pambuyo pa chisankho cha 1994. Amayi anayamba kukwera mabasi a ku Harare ndi ku Joni, nkumabwera ndi mankhwala owongolera tsitsi, meshi ndi marola, ndipo aliyense amene anali ndi kachipinda ndi kalirole ankakhoma chikwangwani. Yanga inali ya chipinda chimodzi, mipando iwiri, draya imodzi, beseni ndi mbaula yotenthetsera madzi. Poyamba ndinkagwira ndekha. Loweruka ndi limene linandikakamiza kufuna munthu. Ukapaka mankhwala m'mutu mwa mayi suyenera kuchokapo mpaka utawatsuka, koma nthawi yomweyo wina watentha m'draya akukuitana, madzi atha m'ndowa, ndipo awiri amene anakhala pabenchi anyamuka kupita kwa mnzako wa tsidya la msewu.

Achibale ankafuna kuti nditenge mwana wa kumudzi. Ndinakana, chifukwa wachibale sungamuchotse ntchito popanda kuyitanitsa mlandu wa banja lonse. Amene ndinamusankha anali mtsikana wa kutchalitchi kwathu, wolekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi. Ndinamudziwira pa mitu ya ang'ono ake, amene ankabwera Lamlungu atalukidwa mizere yowongoka bwino, ana ake osakwinya nkhope. Sindinamufunse zambiri. Ndinamupatsa chipeso ndi mutu wa mwana wanga kuti agawe mizere, ine nkumayang'ana zala zake, zikhadabo zake, ndiponso ngati amamva mwana akati “mukundikoka”. Kuluka kumaphunzitsika. Chovuta kuphunzitsa ndi dzanja lofewa ndi pakamwa posunga nkhani, popeza mayi akatsamira pabeseni amaulula za m'nyumba mwake zimene sangauze ngakhale ankhoswe.

Za malipiro anabwera kudzakamba ndi amalume ake, monga mwini mbumba. Iwo anali atamva kuti kwina atsikana amalandira komishoni, ndipo anati, “Mayi, mwanayu muzingogawana naye pakati pa mutu uliwonse.” Ndinawayankha kuti, “Bambo, kodi mwezi uno agwira mutu wa yani? Amayi amabwera kuno kufuna manja anga, iye sanamudziwe. Mukamuika pa komishoni lero, azipita kunyumba chimanjamanja, kapena azilimbirana nane makasitomala asanadziwe ntchito.” Tinagwirizana kuti pa nthawi yophunzira azilandira K300 pamwezi ndi nsima ya masana, ndipo za komishoni tidzakambe akadzayamba kumaliza mutu yekha. Masiku amenewo ambiri ankaphunzitsa atsikana osawapatsa kanthu, amvekere “ndikukupatsa luso”. Ine zimenezo sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Wotunga madzi, wochapa matawulo ndi wosesa tsitsi akugwira ntchito, ndipo sopo wosambira amagula ndi ndalama.

Anayambira pamadzi. Ankatunga m'mawa kudzaza mgolo, kuyatsa makala, kusakaniza otentha ndi ozizira nkuyesa padzanja lake asanathire munthu. Kenako kutsuka mutu: ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kuyambira pamphumi kupita kunkhongo, dzanja lina likutchinga khutu. Atazolowera izi ndinamupatsa marola. Tsitsi lokulunga pa rola limodzi lisapose utali wa rolalo, likokedwe mofanana, nsonga zake zilowe mosapindika. Rola lodzaza kwambiri limauma kunja kokha, ndipo mayi akafika kunyumba setiyo yagwa kale. Kuluka ankadziwa, koma ankakoka kwambiri m'mbali mwa mphumi pofuna kuti malukowo aoneke aukhondo. Ndinamuonetsa zizindikiro zake: khungu lotukuka m'mizere, titsiphuphu toyera pa tsinde la tsitsi, mayi olephera kutembenuza khosi. Amene amalukidwa choncho kawirikawiri, mphumi imanka ibwerera m'mbuyo, ndipo nthawi zina tsitsilo silimeranso.

Mankhwala owongolera tsitsi ndinamupatsa pomalizira penipeni, ndipo apa ndi pamene tinakhalitsa. Mankhwala aja amawotcha. Asanatsegule chitini ankayenera kufunsa mayi zinthu zitatu: mwatsuka liti, mwakanda m'mutu kodi, ndipo munapaka liti komaliza. Wotsuka dzulo kapena wokanda, wokhala ndi tizilonda, kapena amene wangomasula kumene maluko, tinkamubweza kuti adikire masiku angapo. Amene sanathe milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu chipakireni, tinkamuuzanso kuti adikire, ngakhale atakwiya. Akapitirira apa, ankavala magolovesi, kupaka vaselini m'mbali mwa mphumi, m'makutu ndi kunkhongo, kugawa mutu panayi, nkupaka tsitsi longomera kumene lokhalo, osati lowongoka kale ndipo osati pakhungu. Ndinagula wotchi yapakhoma chifukwa cha ntchito imeneyi. Nthawi imawerengedwa kuyambira pamene wapaka koyamba, ndipo sipyola imene yalembedwa pachitini, imene pa mankhwala ambiri sinkafika theka la ola. Mayi akati “kukuwotcha”, ukutsuka pompo, sukunena kuti “pirirani pang'ono”. Pambuyo pake pamabwera shampu yozimitsa mphamvu ya mankhwala. Ina mwa iyo thovu lake limatuluka lofiirira ngati mankhwala akadalimo, ndipo umatsukabe mpaka liyere. Lamulo langa lalikulu linali lakuti ndowa ziwiri za madzi ofunda zikhale pambali asanayambe, chifukwa mpopi wa ku Ndirande unkatha kuuma mutu uli pakati. Ntchito yolakwika imadziwika m'mawa mwake ndi nkhanambo zomata tsitsi pakhungu, kapena tsitsi lonyowa likamatamuka ngati mphira nkuduka pachipeso.

Mitu yoyamba anapaka ine nditaima pambali pake. Amayi ena ankakana: “Ayi, andigwire ndi eni ake.” Sindinkawakakamiza. Ndinkamupatsa ana asukulu ndi atsikana anzake, ndipo kwa akuluakulu ndinkati, “Atsuke ndi kuika marola mwanayu, kupesa ndimaliza ndine.” Tsiku limene mayi wina analowa nkufunsa kuti “Mtsikana wanu uja alipo?” ndinadziwa kuti nthawi yoitananso amalume ake yakwana.

Tinakhala ndi kope ndi pensulo, nkuwerengera mutu umodzi. Kuwongola tsitsi ndi kuseta tinkalipiritsa K100. Pa ndalama imeneyo, mankhwala, shampu ndi mafuta zinkadya K40. Magetsi a draya, makala ndi madzi zinkatenga pafupifupi K10. Ndikanamupatsa theka la K100 monga ankanenera amalume ake, iye akanatenga K50, ine nkutsala wopanda ngakhale tambala ya lendi. Bambo aja anayang'ana manambalawo kwa kanthawi, nati, “Apa ndamva, Mayi.” Komishoni imawerengedwa mtengo wa mankhwala utachotsedwa. Amene amawerengera pa ndalama yonse amatseka saluni makasitomala ali odzaza.

Tinapangana chonchi. K300 ija ikhalebe yapamwezi, kaya kuli anthu kaya kulibe. Pamwamba pake, pa mutu wa mankhwala tichotse K40, ndipo pa K60 yotsalayo atenge K18. Kuluka tinakuika padera, chifukwa meshi mayi amabwera nayo yekha, ine sindiwonongapo kanthu, koma wolukayo amaima pafupifupi tsiku lonse mpaka msana ndi zala kuuma. Pa K80 ya maluko ankatenga K32. Mu Disembala, mwezi wa maukwati ndi Khirisimasi, akawongola mitu 30 ndi kuluka 10, ankapita kwawo ndi K1,160. Mu Febuluwale, anthu atathera ndalama ku feteleza ndi fizi, chimanga chitakwera mtengo, mitu inkatsika mwina kufika 8 ya mankhwala ndi 4 ya maluko, koma ankapezabe K572.

Ndinaona m'masaluni oyandikana nafe zimene komishoni yokha imachita. Mtsikana amathamangira pakhomo kukalanda kasitomala wa mankhwala nkusiya wongotsuka. Amapaka mitu iwiri nthawi imodzi, wina nkupsa. Sabweza mayi wa zilonda, chifukwa kubweza nkutaya ndalama yake. Tsache ndi matawulo palibe amene amazifuna. Malipiro apamwezi okha nawonso ali ndi vuto lake: mu Disembala munthu amagwira mpaka usiku nkulandira zofanana ndi za mwezi umene anangokhala, ndipo mtima ukawawa amayamba kunong'oneza makasitomala kuti “bwerani kunyumba Lamlungu, ndikutsitsirani”. Ndalama yapamwezi ndi imene inkalipira kusesa ndi kubweza mutu wosayenera, ndipo komishoni inkalipira changu chake.

Mikangano yambiri m'saluni imachokera pa tinthu ting'onoting'ono, choncho tinatilemba pa tsamba loyamba la hadikava. Mutu umene taluka awiri, gawo lake linali theka. Ntchito yobwezedwa, monga maluko omasuka msanga, ankaibwereza popanda komishoni ina, koma mankhwala owonongekawo sindinkamudula. Ngongole imene ndavomereza ine, gawo lake ankalandira kumapeto kwa mwezi ngakhale mwiniwake asanalipire, pomwe imene wapereka yekha ankadikira. Kangachepe kamene mayi wamupatsa m'manja kanali kake. Kuluka anthu akwawo Lamlungu sindinaletse, kupatula makasitomala a pasaluni ndi mankhwala anga. Madzulo aliwonse tinkalemba tsiku, ntchito, mtengo ndi amene wagwira, tonse nkusayina. Chitini chachikulu ndinkadziwa kuti chimakwanira mitu ingati, ndiye chikatha msanga buku linkanena ngati akupaka mowolowa manja kapena pali mutu wosalembedwa.

Kwacha itagwa mphamvu mu Ogasiti 1998, mtengo wa mankhwala m'mashopu a ku Limbe unakwera tisanakweze mitengo yathu. Mapangano athu anapirira, chifukwa tinangosintha nambala yochotsa ija, kenako mitengo itakwera gawo lake linakwera nayo. Yapamwezi ndinaikweza ndekha asanapemphe.

Anakhala nane zaka zingapo, kenako anati, “Mayi, ndapeza kachipinda ku Chilomoni.” Makasitomala ena anamutsatira, ndipo sindinamuimbe mlandu. Amene ukumuphunzitsa bwino adzachoka ndithu, ndipo zimenezo uyenera kuzidziwa tsiku lomwe ukumulemba.

Lero zinthu zinasintha. Atsikana ambiri amabwera ndi satifiketi ya TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe mfundo za ntchito yake zolembedwa. Boma limalengezanso malipiro otsikitsitsa. Inu amene mukufuna kulemba mtsikana woyamba, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu mukafunse malipiro amenewo, muwerengere mutu umodzi papepala iye akuona, ndipo musamupatse chitini cha mankhwala musanaime pambali pake kumuona akutsuka.