Zimene Ndimauza Mayi Ndisanamuike Lupu

Ndine mzamba, ndipo imodzi mwa ntchito zimene manja anga anazolowera ndi kuika lupu kwa mayi amene wangochira kumene. Kuikako sikutenga nthawi. Zipangizo zikakhala pafupi, mphindi zochepa zimakwana. Chimene chimadya nthawi ndi kukambirana kumene kumayamba miyezi ingapo mwana asanabadwe, ndipo ndaona kuti lupu amene amakhalitsa ndi amene mwini wake anamvetsa bwino asanagone pabedi.

Nkhaniyi ndimaiyambira kusikelo ya amayi oyembekezera, kapena kuchidikiro. Sindiiyambira m'chipinda chochirira matenda atakula. Mayi amene akubuula ndi ululu amavomera chilichonse kuti umusiye, ndipo kuvomera kotero si kuvomera ayi. Kusikelo amakhala ndi mpata wofunsa, wokaganiza kunyumba, ndiponso wokambirana ndi bambo akunyumba ngati iye mwini akufuna. Akasankha, ndimalemba m'kabuku kake ka kuchipatala kuti mzamba aliyense amene adzamuchiritse adziwe. Tsikulo likafika timamufunsanso, pakuti ali ndi ufulu wosintha maganizo.

Poyamba ndimatulutsa lupu wachitsanzo n'kumuika m'dzanja la mayiyo. Ambiri amadabwa kuchepa kwake. Ndi kapulasitiki kooneka ngati chilembo cha T, kokulungidwa ndi kopa, kokhala ndi tizingwe tiwiri kumunsi. Mtundu umene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi TCu-380A, umene umateteza kwa zaka 10 mpaka 12, koma mayi akhoza kuuchotsetsa tsiku lililonse akafuna mwana wina, ndipo mphamvu yobereka imabwerera nthawi yomweyo. Mulibe mankhwala osintha thupi, choncho mkaka wa m'mawere suchepa. Sindibisa kuti msambo ukadzayambiranso ukhoza kuchulukirapo ndi kupweteka m'miyezi yoyamba. Walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino kuti matopewo awadziwe lero.

Ndikatero ndimafika pa nthawi yoikira, imene ndimaifotokoza ngati khomo limene limatseguka, n'kutsekeka, n'kudzatsegukanso. Nthawi yabwino koposa mayi akangochira ndi mphindi 10 zoyamba nsengwa itatuluka. Khomo la chiberekero limakhala lili chitsegukire, mayi ali pabedi pomwepo, ndipo ndi chopanira chachitali timafikitsa lupu pamwamba penipeni pa chiberekero. Ngati wachira ndi opareshoni, adokotala amamuika ndi dzanja asanasoke chiberekero. Mphindi zimenezo zikadutsa, tikhoza kumuikabe mpaka maola 48, mayi asanatuluke m'chipatala. Maola 48 akakwana timaleka. Kuyambira pamenepo mpaka masabata 4 chiberekero chimakhala chikubwerera msangamsanga pamsinkhu wake, chikadali chofewa, ndipo lupu woikidwa masiku amenewo amatuluka kawirikawiri. Masabata 4 akatha khomo limatsegukanso, ndipo ambiri timawaika pa masabata 6, tsiku limene abweretsa mwana kukatemera.

Mayi wina anandifunsa kuti, “Nanga anesi, bwanji osangodikira masabata 6 tonse?” Funso lake linali lanzeru, ndipo yankho lake ndi limene limatifikitsa pa nkhani ya kutuluka kwa lupu. Lupu woikidwa chiberekero chitabwerera m'malo satuluka kawirikawiri: mwa amayi 100, amene amawatuluka safika 5. Woikidwa nsengwa itangotuluka amatuluka kwa amayi pafupifupi 10 mwa 100, ndipo chiwerengerocho chimakwera ngati waikidwa patapita maola angapo. Woikidwa pa opareshoni amatuluka mwa apo ndi apo chabe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chiberekero cha mayi wongochira kumene n'chachikulu, chikufinyika kuti chitulutse magazi otsala, ndipo khomo lake silinatsekeke. Lupu amene sanafike pamwamba amatsetsereka limodzi ndi magaziwo.

Komabe ndimamuuza mayi kuti ayeze mbali zonse ziwiri. Amene amakhala pafupi, ndipo akudziwa kuti adzabwera, akhoza kudikira. Amene kwawo n'kutali, kumene mtsinje ukadzaza sawoloka ndipo ndalama ya kabaza ndi yosowa, nthawi zambiri akatuluka pachipata sitimuonanso mpaka atabwera ndi pathupi pena. Mayi amene sakuyamwitsa mwakathithi akhoza kutenga pathupi msambo usanabwerere n'komwe, pamene ife timalangiza kuti papite zaka 2 asanaime kachiwiri. Kwa mayi wotere, lupu amene angatuluke kwa mmodzi mwa 10 amaposa lupu amene sadzaikidwa konse.

Ndimakumbukira mayi wina wa ana atatu amene ndinakambirana naye ali ndi pathupi pa miyezi 7. Anasankha lupu, ndipo atachira mwana wachinayi bwinobwino ndinamuika nsengwa itangotuluka. Asanapite kwawo ndinabwereza zimene ndinamuuza kusikelo: kuti aziyang'ana pansalu imene akudzisamalira nayo asanaichape, makamaka m'masabata oyamba, chifukwa lupu akhoza kutuluka osamva kanthu. Patatha masabata 3 anatulukira pakhomo, mwana ali kumsana. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kundionetsa. “Anesi, kaja munanena kaja katuluka. Ndakapeza dzulo m'mawa.”

Sanabwere ndi mantha kapena mkwiyo, pakuti chimene chinachitika anali atachimva kale. Ndinamuyeza: thupi silinali lotentha, m'mimba simunkapweteka, magazi anali atachepa ndipo sankanunkha. Koma masabata 3 ali mkati mwa nthawi yotsekeka ija, choncho sindinamuike wina tsiku limenelo. Ankayamwitsa usana ndi usiku osampatsa mwana china chilichonse, ndipo msambo unali usanabwerere, motero anali wotetezeka ndithu. Ndinamupatsanso makondomu, tinapangana za tsiku la katemera. Pa masabata 6 anabwera, ndinamuika lupu watsopano, ndipo ameneyo anakhazikika. Ndikanamubisira za kutulukako poopa kuti akana, akanataya kapulasitikiko kuchimbudzi n'kuuza mudzi wonse kuti lupu ndi wachabe. Choipa koposa, akanapanda kukaona, akanakhala akudziyesa wotetezedwa pamene sali.

Pali kutuluka kwina kovuta kuzindikira, pamene lupu watsika n'kuima pakhomo la chiberekero. Zizindikiro zake ndimazitchula chimodzichimodzi: tizingwe kutalika kuposa kale, kukhudza chinthu cholimba ngati kamtengo kumaliseche, bambo kumva kubaya pogonana, kapena m'mimba kupotokola ndi magazi osayembekezeka. Lupu wotsika sateteza mokwanira. Mayi asamukankhire mkati ndipo asamukoke. Ife timamuchotsa n'kuika wina. Ndimachenjezanso kuti lupu woikidwa pochira tizingwe take sitioneka msanga, chifukwa chiberekero chikadali chachitali. Timatsika pang'onopang'ono, ndipo pa masabata 6 timayang'ana n'kudula ngati tatalika. Tikapanda kuoneka, timaunika ndi sikani kuti tione ngati lupu alimo. Apa ndi pamene ndimayankha mphekesera ija yakuti lupu amayenda mpaka kumtima. Kulibe njira yochoka m'chiberekero kupita kumtima. Chimene chimachitika, kwa mayi pafupifupi mmodzi mwa 1,000, ndi kuboola khoma la chiberekero pa nthawi yoika, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna dzanja lophunzitsidwa.

Mantha ena aakulu ndi akuti lupu amaoletsa chiberekero. Lupu payekha sabala matenda. Ngozi imabwera pamene tizilombo tili kale pakhomo la chiberekero, makamaka ta chinzonono ndi klamidiya, ndipo poika timatikankhira mkati. N'chifukwa chake matenda a m'chiuno, akabwera, amaonekera kwambiri m'masiku 20 oyamba, ndipo amagwira amayi osafika mmodzi mwa 100. Masiku amenewo akadutsa, mayi wa lupu amafanana ndi mayi wina aliyense. Choncho ndimafunsa mafunso amene ena amachita nawo manyazi, tili awiri, chitseko chotseka: ngati akutuluka chikazi chachilendo, ngati bambo akudandaula pokodza, ngati akukayika kuti bambo ali ndi wina kunja. Ndikapeza mafinya pakhomo la chiberekero, timayamba tachiza onse awiri, lupu pambuyo. Mayi amene ali ndi HIV, akumwa ma ARV ndipo ali bwino, akhoza kuikidwa. Koma aliyense ndimamuuza kuti lupu amatseka njira ya pathupi pokha, satseka ya HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana.

Pa tsiku lochira palinso zinthu zimene zimandiletsa, ngakhale m'kabuku mutalembedwa kuti mayi anasankha. Ngati nsupa inasweka maola oposa 18 mwana asanabadwe, ngati mayi watentha thupi pochira kapena madzi akununkha, ngati akutaya magazi ambiri osaleka, sindiika. Mayi wina anafika nsupa itasweka dzulo lake m'mawa, n'kuchira usiku wa tsiku lotsatira. Anandikumbutsa yekha za lupu, ndipo ndinamuyankha kuti, “Mayi, lero ayi. Njira yakhala yotseguka nthawi yaitali, tizilombo tikhoza kukhala talowa. Tikathana nazo izi, mudzabwere pa masabata 6.” Anakhumudwa, koma sanadabwe, chifukwa kusikelo ndinali nditamuuza kuti lonjezo langa lili ndi malire amenewa.

Mawu omaliza asanatuluke amakhala a zizindikiro zobwerera nazo msanga, osadikira tsiku la pangano: kutentha thupi kapena kuzizidwa, kupweteka kwa m'munsi mwa mimba kumene kukukulirakulira, chikazi chonunkha, magazi ochuluka, kapena kukayika kuti ali ndi pathupi. Ndimamupempha kuti anditchulire yekha zizindikirozo, kuti ndimve ngati zalowa. Akabwera msanga ndi matenda a m'chiuno timamupatsa mankhwala lupu ali momwemo, ndipo timaganiza zomuchotsa pokhapokha ngati papita masiku awiri kapena atatu osasintha.

Azamba anzanga, musaope kuti mayi akamva za kutuluka ndi za matenda athawa. Ena adzasankha jakisoni kapena njira ya pamkono, ndipo kumeneko n'kusankha kwabwino ngati achita akudziwa. Ndipo inu mayi woyembekezera, funsani za lupu kusikelo mimba isanakule, funsani nthawi yake, funsani chimene mungachite akatuluka, ndipo chimene mwasankha chilembedwe m'kabuku kanu tsiku lochira lisanafike.